IRR kapena NPV pa Mgodi wa Miyala Wofunika Kukwirira

Tinene kuti mwatsegula mgodi wa miyala. Lero mwalowetsa K100 miliyoni, chaka chamawa mwapeza K230 miliyoni, chaka chinacho mwatulutsa K132 miliyoni yokwirira dzenje. Ndalama zatuluka, zalowa, zatulukanso.

IRR ndi NPV ndi njira ziwiri zoyezera ngati bizinesi ipindula. IRR imafunafuna chiwongoladzanja chimene chimachititsa kuti zolowa ndi zotuluka zifanane zikawerengedwa pa mtengo wa lero. NPV imatenga chiwongoladzanja chimene inu mumakongolera, n'kukuuzani phindu m'makwacha a lero.

Mu Excel, mukalemba -100, 230 ndi -132 mu A1 mpaka A3, `=IRR(A1:A3,0.05)` ikupatsani 10%, koma `=IRR(A1:A3,0.25)` ikupatsani 20%. Onsewa ndi mayankho oona. Tikati r ndi chiwongoladzanja ndipo x ndi 1+r, samuyo ndi `-100x²+230x-132=0`, ndipo x akhoza kukhala 1.1 kapena 1.2. Malinga ndi lamulo la Descartes, mayankho angachuluke mpaka kufanana ndi maulendo amene chizindikiro cha + kapena - chasintha. Pano chasintha kawiri. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti Excel imangoonetsa yankho limodzi, osachenjeza.

Kufotokozera anzanu: IRR ndi yosavuta, NPV imafuna mugwirizane kaye za chiwongoladzanja.

Mayankho: IRR awiri; NPV limodzi pa chiwongoladzanja chilichonse.

Chigamulo: IRR sinena ngati muyerekeze ngongole yanu ndi 10% kapena 20%. NPV imanena mosabisa: pa 5% mwaluza K680,000, pa 15% mwapindula K189,000, pa 25% mwaluza K480,000. Inde, pano ngongole yotchipa ikuluzitsani, chifukwa K132 miliyoni yakumapeto ija imalemera kwambiri chiwongoladzanja chikatsika.

IRR imakwanira wogula chigayo, amene amalipira kamodzi kenako n'kumangolandira. Wamgodi, ndi aliyense wodzalipiranso zambiri kutsogolo, adalire NPV.