Mipata ya geni ndi fezi kapena mayeso a geni yaing'ono: tikhulupirire ziti modelo ikakhala yopereŵera?

Anzanga amene mumakonza makontorola, mukudziŵa kuti modelo imene timalemba papepala siifanana ndendende ndi chipangizo chimene chili pamalo antchito. Ndiye funso limakhala lakuti, kontorola yakhazikika pa modelo, kodi idzakhazikikanso pa chipangizo chenichenicho? Ambiri timayankha poyang'ana mpata wa geni ndi mpata wa fezi, njira yakale yochokera kwa Nyquist ndi Bode. Ena amagwiritsa ntchito thiyoremu ya geni yaing'ono, imene Irwin Sandberg ndi George Zames anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1960, ndipo John Doyle ndi Gunter Stein anaifalitsa mu 1981 pa nkhani ya modelo zosatsimikizika. Njira ziŵirizi ndaziyesa pa zitsanzo zomwezomwezo kuti tione pamene iliyonse imagwira ndi pamene imaterereka.

Mipata ija imafunsa funso limodzi panthawi. Geni ingakwere kangati lupu isanasokonekere, fezi ili chomwecho? Fezi ingatsalire madigiri angati, geni ili chomwecho? Mayeso a geni yaing'ono amayambira kwina. Timati chipangizo chenicheni ndi Gp = G(1 + WΔ). G ndi modelo yathu, Δ ndi chinthu chokhazikika chimene sitikuchidziŵa koma kukula kwake sikupitirira 1 pa fulikwense iliyonse, ndipo W ndi chivundikiro chimene timajambula ife tokha, chonena kuti pa fulikwense yakutiyakuti modelo ingaphonye ndi gawo lotani. |W| ikakhala 0.2, modelo ingaphonye ndi 20 peresenti. Kusatsimikizika kumeneku timakutcha kochulukitsa chifukwa kumachulukitsa G, sikuwonjezeredwa pambali pake.

Mukachotsa Δ mu lupu ndi kufunsa chimene iyoyo ikuona kuchokera potulukira pake kubwerera poloŵera pake, mupeza −WT, pamene T = L/(1 + L), L = GK, ndipo K ndi kontorola. Thiyoremu imati zinthu ziŵiri zokhazikika zikalumikizidwa mozungulira, ndipo mageni awo akachulukitsana n'kupereka chochepera 1, lupu yonse ndi yokhazikika, chifukwa siginolo imachepa nthawi iliyonse ikazungulira. Choncho lamulo lake ndi |W(jω)T(jω)| < 1 pa ω iliyonse. Pa chithunzi cha Nyquist zimenezi zikutanthauza kuti pa mfundo iliyonse ya L pali bwalo la utali |WL| kuchokera pakati, ndipo palibe bwalo lololedwa kukhudza −1.

Tiyambe ndi pamene njira yakale ikupambana. Tengani thanki yotenthetsa madzi, G(s) = 1/(s + 1), nthawi tikuyeza m'mphindi. Sensa ili kutsogolo m'paipi, kotero pali kuchedwa θ kumene kumasintha ndi liŵiro la madzi, kuyambira 0 mpaka mphindi 1, ndipo mu modelo sitinakuikemo. Kontorola ndi PI, K(s) = k(s + 1)/s, ndiye L = k/s ndi T = k/(s + k).

Mpata wa fezi pano ndi madigiri 90, kapena π/2, pa ω = k. Kuchedwa kumadya fezi yokwana ωθ osakhudza geni, choncho lupu ipirira bola kθ ikhale yochepera π/2. Pa θ = 1 malire ake ndi k < 1.57. Yankho limeneli ndi lenileni, silopyola ndiponso silopereŵera, chifukwa vuto lathu ndi la fezi yokhayokha, limene mpata wa fezi unapangidwira kuyeza.

Tsopano geni yaing'ono. Kuphonya kwa modelo ndi Gp/G − 1 = e^(−jωθ) − 1, ndipo kukula kwake ndi 2|sin(ωθ/2)|. Pa θ zonse zololedwa, malire ake ndi 2sin(ω/2) mpaka ω = π, kenako amakhala 2 basi. Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa yankho limene mupeze lidalira W amene musankhe, ndipo anthu ambiri amene amadandaula kuti mayesoŵa ndi amantha kwambiri amakhala atalakwitsa pomwepa.

Choyamba tengani chivundikiro chapafupi, W = 2.2s/(s + 1). Chimaphimba malire aja paliponse. Nsonga ya |WT| ili pa ω = √k ndipo kukula kwake ndi 2.2k/(1 + k). Kuti ichepere 1 pafunika k < 0.83. Mu MATLAB:

```matlab
s = tf('s'); k = 1;
L = k/s; T = feedback(L,1);
W = 2.2*s/(s+1);
[gm,pm] = margin(L)
norm(W*T, inf)
```

Pa k = 1 mupeza pm ya 90 koma `norm` ya 1.1, ndiye kuti mayeso akana kontorola imene tikudziŵa bwino kuti ndi yotetezeka. Chifukwa chake n'chakuti pa fulikwense zotsika W ameneyu amakwera ngati 2.2ω pamene kuphonya kwenikweni kumakwera ngati ω. Tavundikira mphika waung'ono ndi chivundikiro cha mphika wa paukwati, ndipo tataya pafupifupi theka la geni imene tikanagwiritsa ntchito.

Wina ataona zimenezi anganene kuti tiyeni tichepetse, titenge W = s/(0.5s + 1), amene amachokera pa kuyerekeza kwa Padé. Pansi amakwera ngati ω, pamwamba amafika 2, ndipo m'maso akuoneka wokwanira bwino. Nsonga ya |WT| imakhala 2k/(2 + k), kutanthauza kuti k iliyonse yochepera 2 yadutsa. Koma taona kale kuti pa k = 1.8 thanki ija iyamba kugwedezeka mosalekeza kuchedwa kukafika mphindi 1. Thiyoremu sinaname ayi. W ameneyu pa ω = π ndi 1.69 pamene kuphonya kuli 2, ndipo pa ω = 2 ndi 1.41 pamene kuphonya kuli 1.68. Chipangizo chenicheni chatuluka kunja kwa bwalo limene tinalonjeza. Cholakwika ichi ndimachiopa kuposa choyamba chija, chifukwa kompyuta imakupatsani nambala yooneka bwino popanda chenjezo lililonse. Njira yochigwirira ndi imodzi: jambulani |W| pamodzi ndi |Gp/G − 1| ya zipangizo zonse zimene mukuziganizira, muone ndi maso anu kuti palibe mzere wadumpha pamwamba pa W.

Mukasiya zoyerekeza ndi kugwiritsa ntchito malire enieni, 2sin(ω/2), lamulo limasanduka k²(1 − 2cos ω) < ω². Pothina kwambiri ndi pafupi ndi ω = 2, ndipo zimapereka k < 1.48. Yerekezani ndi 1.57: kusiyana kwake ndi 6 peresenti yokha. Kagawo kameneka ndiye mtengo weniweni wa njirayi, ndipo kamabwera chifukwa bwalo limalola Δ ya fezi iliyonse, kuphatikizapo zipangizo zimene si kuchedwa konse. N'chifukwa chake mayeso akakana sizitanthauza kuti chipangizo chanu chisokonekera. Zikutanthauza kuti m'bwalo limene mwajambula muli chipangizo china chimene chingasokonekere, ndipo mwina sichingapezeke pamalo anu.

Mpaka pano mipata ikuoneka yokwanira. Tiyeni tisinthe chipangizo. Mota ikuyendetsa katundu kudzera pa shafti yaitali, nthawi m'masekondi, ndipo titakonza kontorola tapezanso L = k/s ndi k = 1. Mpata wa fezi ndi madigiri 90, mpata wa geni ulibe malire. Papepala palibe lupu yokongola kuposa imeneyi. Koma shafti imapindika pang'ono, ndipo ili ndi rezonansi pa ω = 10 yokhala ndi ζ = 0.02, imene modelo ilibe. Chipangizo chenicheni ndi G kuchulukitsa ndi 100/(s² + 0.4s + 100). Ikwezhoni ya lupu yotsekedwa imakhala s³ + 0.4s² + 100s + 100k = 0, ndipo mayeso a Routh amafuna 0.4 × 100 > 100k, ndiye kuti k < 0.4. Pa k = 1 mota ija ilira ndi kunjenjemera pafupifupi kaŵiri pa sekondi mpaka wina aizimitse.

Mipata sinaone kanthu chifukwa imayezedwa pa modelo, pamalo pamene |L| ikudutsa 1 ndi pamene fezi ikudutsa madigiri −180, pomwe vuto lili kutali, pa fulikwense yoposa kakhumi. Geni yaing'ono imafunsa pa ω iliyonse. Pa ω = 10, Gp/G ndi −25j, choncho kuphonya ndi pafupifupi 25, ndipo |T| ndi 1/√101, pafupifupi 0.1. Kuchulukitsa kwake ndi 2.5, kopitirira 1 kutali. Mukatsitsa k mpaka mayeso avomere mufika pafupifupi 0.4, pomwe Routh anafikanso. Komanso mayesoŵa akukuuzani chochita: si geni yonse imene yalakwa, ndi |T| pa ω = 10 imene iyenera kutsika kufika pansi pa 0.04, ndiye sefa yodula fulikwense zapamwamba ingathandize kuposa kufooketsa kontorola yonse. Ndipo simufunika kudziŵa bwinobwino pamene rezonansi ili. Mukadziŵa kuti ili pakati pa 8 ndi 12 ndiponso kuti siipitirira 25, mukweza W pa dera lonselo. Mipata ilibe poikapo chidziŵitso chotere.

Ine ndimayamba ndi mipata chifukwa ndi yachangu ndipo aliyense pa ntchito amaimva. Ngati chimene ndikukayikira ndi chimodzi ndipo ndikuchidziŵa dzina, monga kuchedwa kokha kapena geni yokha, ndimakhulupirira yankho lake kuposa la bwalo. Koma zokayikitsa zikakhala zingapo nthawi imodzi, kapena pali fulikwense zimene sindinaziyeze bwino, sindivomereza kontorola ndisanaone |WT|. Pa thanki ija ndingasankhe k pafupi ndi 0.5: ngakhale ndi W wamkulu uja nsonga ndi 0.73, ndipo kuchedwa kukafika mphindi 1 kumatsala madigiri 61 a fezi.

Pali zinthu ziŵiri zimene muyenera kutsimikiza musanakhulupirire nambala ya `norm`. Lupu ya modelo iyenera kukhala yokhazikika kale, chifukwa thiyoremu imafuna kuti WT ikhale yokhazikika, ndipo nsonga yochepa ya T yosakhazikika siinena kanthu. Chachiŵiri, Gp ndi G ziyenera kukhala ndi mapolo osakhazikika ofanana chiŵerengero. Ngati polo ingathe kuwoloka kuchoka kumanzere kupita kumanja chipangizo chikamagwira ntchito, monga 1/(s + a) pamene a ingakhale 0.1 kapena −0.1, mawonekedwe a G(1 + WΔ) okhala ndi Δ yokhazikika sangaigwire, ngakhale mutakulitsa W chotani. Pamenepo lembani kusatsimikizikako mozondoka, Gp = G/(1 + WΔ), ndipo chimene muyeze chikhale |WS| < 1, pamene S = 1/(1 + L).