Tchaja ndi batire zomwe ndinagula atayamba aziyeza ndikuona

Tchaja yomwe ndinagula pa benchi ina mu msika wa Limbe ndagwiritsa ntchito kuyambira dzinja lathali, ndipo mpaka lero ikugwira ngati tsiku loyamba. Batire ya foni yanga ya mabatani ndinaigulanso pomwepo, nayonso sinandikhumudwitse. Ndine ejenti wotumiza ndi kulandira ndalama pa foni, choncho foni ikatha moto masana ndiye kuti bizinesi yaima ndipo makasitomala apita kwa mnzanga wa pafupi. Chomwe ndikuyamikira kwenikweni si katundu yekhayo ayi, koma mmene mwini benchiyo amagulitsira. Samakuuza kuti "iyi ndi orijino, mayi" monga amanenera aliyense. Amatulutsa kachida koyezera moto n'kukuonetsa manambala ndi maso ako.

Kachidako n'kakang'ono ngati fulashi, kali ndi kasikirini, ndipo amakalowetsa pakati pa mutu wa tchaja ndi chingwe chopita ku foni. Kamaonetsa manambala awiri. Yoyamba ili ndi chilembo V, ndiyo mphamvu yomwe tchaja ikukankhira moto. Yachiwiri ili ndi chilembo A, ndiyo kuchuluka kwa moto womwe ukulowadi mu foni. Pa mutu wa tchaja iliyonse pamakhala mzere woyamba ndi mawu akuti Output, ndipo pa matchaja wamba pamalembedwa 5V 1A kapena 5V 2A. Limenelo ndi lonjezo la wopanga. Kachida kaja kamangoonetsa ngati lonjezolo likusungidwa.

Tsikulo ndinali nditanyamula tchaja ina yomwe ndinagula kwa venda woyendayenda pa depoti, yolembedwa 5V 2A, yomwe inkandidabwitsa chifukwa foni inkagona pa moto usiku wonse koma kum'mawa osadzaza. Bambo wa pa benchiyo anayamba wafunsa kuti foni yanga yatsala ndi moto wochuluka bwanji. Inali pa 30 peresenti, iye nati zili bwino, chifukwa foni ikayandikira kudzaza imachepetsa yokha moto womwe ikulandira, ndiye ukayeza ili pa 90 ngakhale tchaja yabwino imaoneka yofooka. Atalumikiza yanga ija, kasikirini kanaonetsa 5.0V foni isanalowetsedwe. Foni itangolowa, nambala ija inagwa kufika pa 4.4V, ndipo moto wolowa unali 0.6A basi. Kenaka anachotsa mutu wokhawo n'kuikapo wake, chingwe chomwecho, foni yomweyo, soketi yomweyo. Panaoneka 5.1V ndi 1.8A, ndipo manambalawo anakhazikika osavinavina.

Apa ndi pomwe ndikufuna anthu amvetse, chifukwa ena amayeza tchaja ili yokha n'kukhutira. Tchaja yafeki nayo imaonetsa 5V bwinobwino ngati sikutchaja kanthu. Bodza lake limaonekera pokhapokha foni ikayamba kukoka moto. Tchaja yabwino imakhalabe pafupi ndi 5V ngakhale ikugwira ntchito. Ikatsika kwambiri kufika cha m'ma 4.5 kapena kutsikirapo, ndiye kuti yalemedwa ndi katundu yemwe inalonjeza kuti isenza.

Masamu ake ndi ophweka. Batire ya foni yanga ina ya tachi ndi ya 5000 mAh, ndiko kuchuluka kwa moto womwe imasunga. Moto wa 1.8A ndi 1800 mA, ndiye mukagawa 5000 ndi 1800 mupeza pafupifupi maola atatu, n'kuwonjezerapo pang'ono chifukwa cha kuchedwa kwa kumapeto kuja. Moto wa 0.6A ndi 600 mA, ndipo 5000 kugawa ndi 600 ndi maola opitirira asanu ndi atatu, foni ili yosagwiridwa. Kwathu kuno komwe magetsi amatha kubwera kwa maola ochepa n'kuzimanso, kusiyana kumeneku ndiye kumanena ngati mawa mugwira ntchito kapena ayi. Kunyumba tchaja yatsopanoyi imadzazadi foni m'maola atatu ndi kachidutswa, monga masamu aja ananenera.

Amene foni zawo zimatchaja mwachangu asadabwe kuona 9V pa kachidako. Foni ndi tchaja zikamvana, zimakweza mphamvu dala. Koma ngati bokosi likunena za kutchaja mwachangu, foni yanu ndi yoti imatha kutero, chingwe n'chabwino, ndipo foni sikulemba chilichonse chosonyeza kuti ikutchaja mwachangu, musalipire mtengo wa chinthu chomwe simukuchiona.

Chingwe nacho chimanamiza. Mwini benchi anasiya mutu wabwino uja n'kusintha chingwe chokha, kuika china chowonda cha m'mulu wa zotchipa, ndipo moto unatsika kufika pa 0.9A. Mawaya a m'kati akawonda kwambiri, moto umatayikira m'njira. Choncho poyeza sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, mwina mungataye mutu wabwino pomwe wolakwa ndi chingwe.

Kachida kaja kali ndi malire ake, ndipo bamboyo sanabise. Kamayeza mphamvu, sikayeza chitetezo. M'kati mwa tchaja muli mbali yolandira magetsi a pakhoma a 230V ndi mbali yotulutsa 5V yopita ku foni yomwe mwagwira m'manja, ndipo ziwirizi zimayenera kutalikirana ndi kutchingidwa bwino. Matchaja otchipa kwambiri amadumpha pomwepa. N'chifukwa chake anandiuza kuti ndiisiye pa moto kwa mphindi ngati khumi ndikucheza naye, kenaka ndiigwire. Kufunda pang'ono si vuto. Kutentha koti chala sichingakhalepo, fungo la pulasitiki yopsa, kapena kulira kwa tsiii kosalekeza mukaika khutu pafupi, zimenezo ndi zoti muisiye pomwepo. Anandiuzanso kuti ndiyese kulemba uthenga foni ili pa moto. Ndi tchaja yanga yakale ija, sikirini inkadumphadumpha, ndikadina chilembo china pamabwera china. Moto wake sunali wosalala. Ndi yatsopanoyi ndimalemba manambala a makasitomala foni ili pa moto popanda kulakwika, ndipo pa ntchito yanga nambala imodzi yolakwika ndi ndalama zopita kwa munthu wina.

Zina mumaziona ndi maso musanalumikize n'komwe. Mano awiri a m'munsi a pulagi ayenera kukhala ovekedwa pulasitiki kuchokera pa tsinde mpaka cha pakati, kuti chala chisakhudze chitsulo cha moto polowetsa. Asakhale pamphepete penipeni pa mutuwo, ndipo asagwedere mukawagwira. Dzino la pamwamba likakhala la pulasitiki si chizindikiro cha feki, matchaja abwino ambiri ali choncho, bola likhale lalitali kuposa awiri aja kuti litsegule soketi. Za kulemera ndisanene zambiri. N'zoona kuti yopepuka ngati bokosi la machesi lopanda kanthu ndi yokayikitsa, koma opanga zafeki ena amamatira kachitsulo m'kati kuti ilemere, ndiye dzanja lokha lisakupusitseni.

Pa batire nkhani inali ina, chifukwa kuchuluka kwa moto womwe batire imasunga sikungayezedwe m'mphindi zochepa pa msika. Foni yanga ya mabatani imagwiritsa batire ya mtundu wa BL-5C, ija yomwe inatchuka ndi mafoni a Nokia ndipo pano imalowa m'mafoni ambiri ang'onoang'ono ndi m'mawailesi ena. Yeniyeni ya mtunduwu imalembedwa 3.7V ndi 1020 mAh. Pa benchi zina ndinali nditaona ya kukula komweko, kuwonda komweko, italembedwa 3000 mAh, ndipo ndinafunsa bamboyo ngati ali nayo. Anapukusa mutu.

"Mayi, thupi lake ndi lomweli. Moto wowirikiza katatu ulowa pati? Mabatire a 2500 alipo ndithu, koma ndi onenepa, salowa mu foni yanuyi. Mukaona nambala yaikulu pa batire yowonda, chomwe chakula ndi inki."

Anatulutsa mita yake ya zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda, n'kukhudzitsa pa timano ta batire ta + ndi −. Inaonetsa 3.8V. Anati batire yatsopano imabwera ili ndi moto wa pakatikati, cha m'ma 3.7 mpaka 3.9, ndipo ikadzaza imafika pa 4.2V. Yomwe yatsika pansi pa 3.0V ndiye kuti yakhalitsa pa shelefu mpaka kuuma, ndipo ngakhale itadzuka siikhalanso ndi mphamvu zake zonse. Kuyeza kumeneku kumangochotsa zakufa, sikutsimikiza kuti yotsalayo isunga moto masiku angati.

Chomwe chinandigwira mtima ndi mmene anandionetsera batire yakale yovekedwa chikopa chatsopano, yomwe amasunga dala kuti azionetsa anthu. Timano take tagolide tinali ndi timizere tokandika pomwe mawaya a foni ankakhudza, pomwe ta batire yatsopano timakhala tosalala ndi towala. M'mphepete mwa sitika munkaoneka sitika ina pansi pake. Kenaka anaigoneka pa galasi la benchi n'kuikankha ndi chala pakona, ndipo inazungulira kangapo, chifukwa inali itayamba kutupa pamimba. Yatsopano ija anaikankha chimodzimodzi, inangosuntha pang'ono n'kuima. Kutupa kochepa koti diso silingaone, galasi limakuulula. Batire yotupa musaigule ngakhale akuchotsereni theka la mtengo, ndipo yanu ikatupa musaiboole kapena kuiponya pa moto wa zinyalala, imatha kuyaka mwamphamvu.

Batire yomwe ndinagulayo imandifikitsa masiku awiri kapena atatu ndikuimba ndi kutumiza ndalama tsiku lonse, ndipo moto wake umatsika pang'onopang'ono. Sichita zija zoti mizere ili yodzaza, foni ikangolira yazima.

Pali zomwe sizinandisangalatse. Mtengo wa tchaja unali pafupifupi kuwirikiza kawiri wa zomwe mavenda amayenda nazo m'manja, ndipo bamboyo sachotsera kwenikweni ngakhale unenerere bwanji. Chingwe chomwe chinabwera mu bokosi ndi chabwino koma n'chachifupi, moti ndinagulanso china chachitali, chomwe anachiyezanso ndisanalipire. Lisiti sapereka pokhapokha uitanitse, ndipo nthawi yobwezera batire ndi sabata imodzi yokha, yomwe kwa ine ndi yochepa poti batire yofooka nthawi zina imayamba kudzionetsa itatchajidwa kangapo. Ndinamupempha kuti alembe tsiku ndi kusaina ndi maka kumbuyo kwa batire, ndipo anatero osanyinyirika. Pa benchiyo pamakhalanso anthu ambiri Loweruka, ndiye ngati mukufuna kuti ayeze mosathamanga pitani m'kati mwa sabata m'mawa.

Ndingabwererenso pomwepo, ndipo anzanga awiri a ntchito yomweyi ndawatumizako kale. Amene muli kutali ndi Limbe, okonza mafoni ambiri ali ndi mita ya zingwe ziwiri ija, ndipo ena ali nako kachida ka tchaja. Pitani foni ili ndi moto wosapitirira theka, tengani chingwe chanu chomwe mumachidziwa, ndipo pemphani kuti ayeze tchaja yomwe mutengeyo, osati ina yachitsanzo yomwe imakhala pa soketi. Wogulitsa akakana kutsegula bokosi kuti muyese, funsani kaye ngati adzalandira mukabweza, ndipo alembe zimenezo pa lisiti musanapereke ndalama.