Kusuntha zilembo kapena kubwereza mawu a kiyi: ana tiwayambitse ndi iti?

Aphunzitsi anzanga kuno ku Zomba amene mukufuna kuti ana alawe kabisidwe ka uthenga, pali njira ziwiri zimene zimangofuna bolodi, choko ndi kope. Ine ndaziyesa zonse ziwiri ndi ana a Fomu 2, ndipo ngakhale zikuoneka ngati za pachibale, chimene mwana amatuluka nacho m'kalasi n'chosiyana.

Yoyamba ndi yosuntha zilembo, imene ambiri amaitchula ndi dzina la Juliyasi Kaisara chifukwa wolemba mbiri wa ku Roma, Suetonius, ananena kuti Kaisara ankasuntha chilembo chilichonse malo atatu m'makalata ake achinsinsi. Zilembo timazipatsa manambala, A ndi 0, B ndi 1, mpaka Z amene ndi 25. Kiyi ndi nambala imodzi yokha. Tikasankha 7, timawonjezera 7 pa chilembo chilichonse, ndipo yankho likafika 26 kapena kupitirira timachotsapo 26. T ndi 19, kuwonjezera 7 ndi 26, ndiye tabwerera pa A.

```
TIKUMANE PA MSIKA MAWA
APRBTHUL WH TZPRH THDH
```

Ana amaigwira msanga njira imeneyi, makamaka mukawadulira timizere tiwiri ta katoni tolembedwa alifabeti kuti azitsetsereza kamodzi pansi pa kanzake. Kamodziko mulembepo alifabeti kawiri motsatizana, kuti akafika pa Z asasowe kopita.

Kuswa kwake nakonso n'kwa msanga. Makiyi othandiza alipo 25 okha, ndiye kalasi ya ana makumi asanu mukaikhazika awiriawiri, gulu lililonse n'kuyesa kiyi imodzi, uthenga umatuluka musanamalize kufufuta bolodi. Ndipo Chichewa chimadziulula chokha kuposa Chingerezi. Mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo a ndi amene amachuluka. Taonani mzere wobisika uja. Mawu atatu mwa anayi akuthera ndi H, ndipo H yemweyo wabwera kasanu pa zilembo 19. Mwana watcheru safunikanso kuyesa makiyi onse. Amangoti H ndi A, n'kuwerenga kuchokera pa A kufika pa H, n'kupeza 7. Kuwerenga kuchuluka kwa zilembo kotereku kunalembedwa kalekale ndi Al-Kindi ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, koma mwana wa ku Chinamwali amakutulukira yekha mukangomusiyira mipata pakati pa mawu.

Ubwino wake ndi umenewo, kuti mwana aliyense, ngakhale amene masamu amamuvuta, amaswa chinsinsi pa tsiku loyamba. Koma kuipa kwake n'kumene kumandidetsa nkhawa. Ana amatuluka ndi maganizo akuti njirayi ndi yofooka chifukwa makiyi ndi ochepa basi, ndipo kuti makiyi akachuluka zonse zili bwino. Zimenezi si zoona, ndipo njira yosuntha payokha singawachotse maganizo amenewa.

Apa ndi pamene yachiwiri imalowera. Imadziwika ndi dzina la Blaise de Vigenère, ngakhale anayamba kuifotokoza ndi Giovan Battista Bellaso mu 1553. Kiyi tsopano ndi mawu, ndipo chilembo chilichonse cha mawuwo chimanena kuti tisunthe malo angati. Titenge GULE. G ndi 6, U ndi 20, L ndi 11, E ndi 4. Chilembo choyamba cha uthenga timachisuntha malo 6, chachiwiri 20, chachitatu 11, chachinayi 4, ndipo pa chachisanu timayambiranso pa G. Uthenga umene ndimagwiritsa ntchito ndi wakuti ANA AKUDYA MBATATA ANA AKUPHIKA CHINANGWA ANA AKUGONA. Ndimachotsa mipata, n'kulemba zotuluka zisanuzisanu pa bolodi.

```
GHLEQ OOCGG MEZUE EGHLE QOALO
ELGNC YETAH EGHLE QORST U
```

Sindiwauza kuti njira yasintha. Ndimawasiya ayese nzeru ya dzulo. Amawerenga, amapeza kuti E ndiye wachuluka, wabwera kasanu ndi kanayi, n'kunena kuti kiyi ndi 4. Akabweza zilembo zoyambirira amapeza CDHAM, ndipo kalasi imakhala chete. Mphindi imeneyo ndimaikonda kwambiri, chifukwa ndi pamene mwana amazindikira yekha kuti A mmodzi yemweyo akhoza kuvala nkhope zinayi: pena G, pena U, pena L, pena E.

Makiyi a zilembo zinayi alipo 456,976, kutanthauza 26 kuchulukitsa ndi 26 mpaka kanayi. Mukalemba nambala imeneyi pa bolodi pafupi ndi 25 uja, ana onse amavomereza kuti apa ndiye palibe angaswe. Ndiyeno muwafunse ngati akuona zilembo zimene zikubwerezeka motsatana. Sipatenga nthawi wina asanakweze dzanja kuti GHLEQO waoneka katatu. Akawerenga malo amapeza kuti akuyambira pa chilembo cha nambala 1, cha 17 ndi cha 37. Kuchokera pa 1 kufika pa 17 ndi 16, ndipo kuchokera pa 17 kufika pa 37 ndi 20. Chachititsa n'chakuti mawu ofanana a mu uthenga anagwera pa gawo lofanana la kiyi, ndipo zimenezi zimachitika ngati kiyiyo yazungulira mokwanira pakati pa malo awiriwo. Choncho kutalika kwa kiyi kuyenera kugawa 16 komanso 20 popanda chotsala. Manambala otero, kupatula 1, ndi 2 ndi 4, ndipo ana amayamba ndi 4, amene ndi wamkulu. Njira imeneyi anaisindikiza ndi Friedrich Kasiski mu 1863, ndipo kwa mphunzitsi wa masamu ndi mphatso, popeza ana amaona ntchito ya nambala yogawa ina imene ankangoiloweza.

Akadziwa kuti ndi 4, amalembanso uthengawo zinayizinayi, gulu lililonse pansi pa linzake, kuti pakhale mizere inayi yotsika. Mzere uliwonse wotsika unasunthidwa ndi chilembo chimodzi cha kiyi, ndiye kuti ndi njira ya Kaisara ija, kungoti zakhala zinayi zolukana ngati nkhata. M'malo moyesa makiyi 456,976, ntchito yatsika kufika pa 26 kanayi, kumene ndi 104, ndipo ngakhale imeneyo sitiimaliza.

```
1: G Q G Z G Q O N T G Q T
2: H O G U H O E C A H O U
3: L O M E L A L Y H L R
4: E C E E E L G E E E S
```

Popeza A ndi 0, paliponse pamene uthenga uli ndi A chilembo cha kiyi chimaonekera poyera osasintha. Uthenga wathu uli ndi A okwana 17 pa zilembo 46, ndiye kiyi ikudontha paliponse. Mzere wachinayi E wabwera kasanu ndi kawiri pa zilembo 11, palibe chokayikitsa. Wachitatu L wabwera kanayi, woyamba G kanayi.

Mzere wachiwiri ndi umene unandichititsa kuusunga uthengawu osausintha. H wabwera katatu, O katatu, pamene U, amene ndi woona, wangobwera kawiri. Amene atenga H amapeza AAAAKH, n'kuona okha kuti si Chichewa. Amene atenga O amasangalala kaye, chifukwa zimayamba ATAAKADYA, ndipo "akadya" ndi mawu enieni. Koma motsatira pamabwera SBATGTA. Pamenepa ndimakhala chete, chifukwa nthawi zonse pamapezeka wina wofuula kuti, "Aphunzitsi, ndi mbatata!" Ngati ndi mbatata, ndiye kuti chilembo cha nambala 14 chiyenera kukhala A, ndipo pa malo amenewo mu uthenga wobisika pali U. Kiyi yatuluka, GULE. Ana aphunzirapo kuti kuwerenga zilembo kumangolozera njira, ndipo mzere ukakhala wa zilembo khumi ndi ziwiri zokha kukhoza kunama. Chimene chimamaliza ntchito ndi khutu la munthu wodziwa chilankhulo.

Njira yachiwiriyi ili ndi mtengo wake, ndipo sindibisa. Imadya nthawi. Yosuntha imakwana mu piriyodi imodzi, kubisa ndi kuswa komwe, koma yobwereza mawu imafuna ziwiri kapena zitatu. Zolakwa zimachulukanso, ndiye n'kofunika kudziwa kuzizindikira poyenda pakati pa madesiki. Uthenga ukamawerengeka bwino mpaka penapake kenako n'kusanduka zinyalala, mwanayo wadumpha chilembo chimodzi ndipo kiyi yasemphana ndi uthenga kuyambira pamenepo. Chikamalakwika chilembo chimodzi pa zinayi zilizonse, ndiye kuti chilembo chimodzi cha kiyi ndi chimene chaphonyeka. Ndipo zilembo zonse zikaphonya ndi malo amodzi, B kutuluka pamene payenera A, wobisa kapena womasulira wayamba kuwerenga A ngati 1. Mu njira yosuntha, kulakwitsa chilembo kumangowononga chilembo chomwecho, n'chifukwa chake ana ofooka sagwa nayo mphwayi.

Musanayambe iliyonse, gwirizanani za alifabeti. Ŵ muzimulemba ngati W, kachizindikiro ka mu ng' ndi m' muzikasiya, ndipo Q ndi X akhalebe m'ndandanda ngakhale sitiwagwiritsa ntchito m'mawu athu, kuti zilembo zikhale 26 kwa onse. Uthenga woyamba wa njira yobwereza muukonze nokha kunyumba. Mukawalola ana kulemba wawo waufupi, nthawi zambiri sipapezeka chobwerezeka ndipo anzawo amangoyang'ana osadziwa poyambira. Muwaletsenso kiyi yokhala ndi A, monga UFA, popeza A sasuntha kanthu ndipo chilembo chimodzi pa zitatu zilizonse chimatsala poyera.

Ngati sukulu yanu yakupatsani piriyodi imodzi yokha, tengani yosuntha, ndipo musiye mipata pakati pa mawu kuti ana atulukire okha za zilembo zothera. Ngati muli ndi sabata, musaime pamenepo. Ine yosuntha ndimaipatsa Lolemba lokha, chifukwa popanda iyo mizere inayi ija ilibe tanthauzo kwa mwana, ndipo masiku otsalawo ndimawapereka kwa GULE. Tsiku lomaliza ndimagawa kalasi m'magulu, gulu lililonse ndi uthenga wa zilembo zosachepera zana umene ndaubisa ndi kiyi ya zilembo zitatu kapena zisanu, ndipo sindiwauza kutalika kwake.