Tiyi, khofi, kokakola ndi enaji: chakumwa chiti chikudya malire a kafeini a mayi woyembekezera?

Mlamu wanga amagulitsa mandasi ndi mbatata yophika pamsika wa ku Ngabu. Mimba yake itafika miyezi isanu ndi umodzi anayamba kudandaula kuti usiku tulo sitikubwera, mtima ukugunda ngati ng'oma. Tonse tinkati ndi kutentha, chifukwa mu Okutobala kuno kuchigwa munthu umagona pakhonde n'kumatulukabe thukuta. Kusikelo anamufunsa ngati amamwa khofi, iye n'kukana, ndipo sananame. Koma titakhala pansi n'kuwerenga zonse zimene amamwa pa tsiku, tinapeza kuti kafeini, chinthu cha m'khofi chimene chimathamangitsa tulo, akumumwa wochuluka kuposa munthu wa makapu atatu a khofi.

Malire ake ndi awa. Madokotala a amayi oyembekezera ku Amereka ndi a zaumoyo ku Britain amati mayi asapitirire mamiligalamu 200 a kafeini pa tsiku. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, mu malangizo ake a 2016, linati amene amapitirira 300 achepetse, pofuna kupewa kupita padera ndi kubereka mwana wochepa sikelo. Ine ndimagwira 200, kuti ukaphonya pang'ono powerenga usakhale utapita patali. Chifukwa cha malirewa n'chakuti kafeini amadutsa m'magazi a mayi n'kukafika kwa mwana, pomwe chiwindi cha mwanayo sichinakhwime koti n'kumuphwanya. Thupi la mayi nalo limachedwa. Munthu wamba theka la kafeini amalichotsa m'maola pafupifupi asanu, koma mimba ikakula zimatha kutenga maola khumi ndi asanu. Ndiye tiyi wa madzulo amakupeza ukadali naye m'thupi tambala akulira.

Ndiyambe ndi khofi poti ndi amene aliyense amamuloza chala. Kapu yapakati ya khofi waufa wosungunula m'madzi otentha imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 100, ndipo wa nyemba zogaya wochita kusefa amafika 140. Makapu awiri, malire atha. Ubwino wake ndi woti khofi sabisala, munthu amadziwa kuti wamwa chinthu champhamvu. Komanso kuno ndi ochepa amene amamwa tsiku lililonse.

Tiyi ndiye nkhani. Mabuku amati kapu imodzi yapakati, ya kota ya lita, ndi mamiligalamu mpaka 75. Koma ndani kuno amamwera tiyi m'kapu ya kota ya lita? Ya mlamu wanga ndi yapulasitiki yaikulu ija, ndipo titaiyeza ndi botolo la madzi tinapeza kuti imalowa mamililita 400. Kapu imodzi yomweyo ndi pafupifupi 120. Kaphikidwe kathu nakonso kamawonjezera: timathira masamba odzadza dzanja mumphika, n'kuwasiya abwate mpaka tiyi achite kudera, ena n'kumutenthetsanso masana masamba ali momwemo. Masamba akachuluka ndiponso akakhalitsa m'madzi otentha, kafeini amatuluka wambiri. Mkaka ndi shuga sizichotsapo kanthu, zimangobisa kuwawa. Apongozi anga ankati "mwananga, thira mkaka wambiri, tiyi afatse." Amafatsa pakamwa pokha.

Tiyi ali ndi vuto linanso losakhudza kafeini. Amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi, ndiye mayi akamameza mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo ndi tiyi, mphamvu ina ya mapiritsiwo imatayika. M'dera la malungo ngati lathuli, kumene kuchepa magazi sikusowa, ndi bwino kumeza ndi madzi, tiyi n'kudzamwa patapita ola limodzi kapena awiri.

Kokakola anthu amamuopa kuposa mmene alili, tikanena za kafeini yekha. Amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 10 pa mamililita 100 alionse. Botolo lagalasi la mamililita 300 ndi pafupifupi 30, lapulasitiki la theka la lita ndi pafupifupi 50. Ndiye botolo lagalasi limodzi silifika ngakhale theka la kapu ya tiyi. Chimene chimandidetsa nkhawa pa iye ndi shuga, makamaka kwa mayi amene anauzidwa kuti shuga wake wakwera. Fanta ndi Sprite alibe kafeini, koma shuga alimo ndithu.

Enaji ndimuika payekha, ndipo maganizo anga ndi oti woyembekezera amusiyiretu. Zakumwa zambiri za mtundu umenewu zimalemba pambali chonchi: `Caffeine 32 mg/100 ml`. Munthu amaona 32 n'kuganiza kuti ndi ya botolo lonse, n'kunena kuti si zofanana ndi kokakola izi? Ayi ndithu. Nambalayo ndi ya mamililita 100 okha. Kachitini ka mamililita 250 ndi 80, ndipo chachikulu cha theka la lita ndi 32 kuchulukitsa kasanu, kutanthauza 160. Mukaonanso mawu akuti `Guarana` dziwani kuti ndi chomera chokhala ndi kafeini wakewake. Tiyi wotentha munthu umamwa mopuzira, koma enaji wozizira wa m'firiji ya pagolosale, dzuwa lili paliwombo, amatha m'kamphindi. Opanga ambiri amalemba okha pachitini, m'tizilembo ting'onoting'ono, kuti n'chosayenera kwa oyembekezera.

Tsiku la mlamu wanga linkayenda motere. M'mamawa asanayambe kukazinga, kapu yaikulu ya tiyi, 120. Masana botolo la kokakola la theka la lita, 50. Cha m'ma 3 koloko thupi likalefuka, enaji wamkulu, 160. Madzulo tiyi wotsala uja m'kapu yaing'ono, 75. Zonse pamodzi 405, kuwirikiza kawiri malire, popanda dontho la khofi. Iye anati, "Alamu, ine ndimaona ngati enajiyo akundiwonjezera magazi." Kutopa kumene ankakuthamangitsa ndi enaji kunkabwera chifukwa chosagona, ndipo kusagonako kunkachokera ku enaji yemweyo.

Sitinamuletse zonse kamodzi, chifukwa wozolowera akasiya mwadzidzidzi mutu umawawa kwa masiku angapo, n'kubwereranso. Anayamba ndi kuchotsa enaji, ndipo pomwepo anatsika kufika 245. Sabata yotsatira anasintha kapu ya m'mawa kukhala yaing'ono, masamba sipuni imodzi, osabwatitsa, 75. Kokakola akamufuna amagula wagalasi, 30. Tiyi wachiwiri anamusunthira masana, 75. Zonse 180. M'malo mwa enaji amanyamula thobwa watsiku lomwelo kapena madzi a malambe, ndipo madzi akumwa sachoka pambali pa beseni la mandasi.

Chimodzi chimene tinatsala pang'ono kuiwala ndi mapiritsi a mutu a m'maokala. Ena amasakaniza ndi kafeini, ndipo alipo okhala ndi mamiligalamu 65 pa piritsi limodzi, ndiye awiri ndi 130. Yang'anani mawu akuti `Caffeine` papaketi, ndipo mankhwala alionse funsani kaye kusikelo. Mutu wobwera chifukwa chochepetsa tiyi umakhala wofatsa ndipo umatha pasanathe sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Koma ukabwera pamodzi ndi kutupa nkhope ndi manja, kuona zinthu mwachimbuuzi, kapena kutentha thupi, musauike pa tiyi. Umenewo ukhoza kukhala wa kuthamanga kwa magazi kapena malungo, ndipo ndi wopita nawo kuchipatala tsiku lomwelo.