Kosi yotayipa ku Ulongwe: aphunzitsi ndi abwino, koma kompyuta ya nambala 7 ikanatayidwa

Ndalemba izi nditamaliza masabata asanu ndi limodzi a kosi yotayipa osayang'ana kiyibodi, pamalo aja ophunzitsira kompyuta ku Ulongwe. Dzina sinditchula, amene mumadutsa kumeneko mukuwadziwa. Mtengo unali metikashi 1,800, kuwonjezerapo ya shapa yochokera ku Domwe katatu pa sabata. Ine ndimalemba maina a alimi a mbatata ya kachewere pagulu lathu, ndipo ndinatopa kujompha zilembo ndi zala ziwiri ngati nkhuku pa gaga anthu ali pamzere kundidikira.

Ndiyambe ndi chimene chinandipsetsa mtima, chifukwa mpaka lero chikadali pakhosi.

Tsiku loyamba aphunzitsi anatiuza kuti zala zili ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi mzere wapakati wa zilembo. Dzanja lamanzere limakhala pa A S D F, kuyambira kachala kakang'ono pa A mpaka chala chamkombaphala pa F. Lamanja limakhala pa J K L Ç, chamkombaphala pa J, kakang'ono pa Ç. Zala zazikulu zimangogona pa kiyi yayitali yodumphira mpata. Chala chikapita kukagunda chilembo cha mzere wapamwamba kapena wapansi chizibwerera kwawo nthawi yomweyo. Ndiye anati tipapase F ndi J, pali kakanthu kotukuka ngati kambewu ka mpunga. Timeneti ndi timene timauza zala kuti zafika pamalo pake, maso ali pa sikirini. Anzanga onse anagwedeza mitu. Ine ndinapapasa F, ndinakamva. Ndinapapasa J, see, posalala ngati mbale. Kanali katatha kalekale ndi zala za anthu amene anadutsa pa nambala 7 ine ndisanabwere.

Ndinapita kwa mayi a paofesi, amene analandira ndalama zanga akumwetulira m'mawa womwewo. Ndinati, "Mayi, kiyibodi yanga ilibe kachizindikiro ka pa J, kodi simungandisinthire?" Sanadzutse n'komwe mutu pa foni. Anati, "Bambo, zilembo zonse zilipo, mukufunanso chiyani? Ena onse aphunzirira pomwepo." Ndinabwerera ngati mwana wokanizidwa ndiwo. Sindinawauze aphunzitsi chifukwa ndinaona ngati ndikhala wovuta, ndipo apa ndivomere kuti kulakwa kwina kunali kwanga.

Sabata yoyamba sizinaoneke, poti tinkangobwereza mawu a mzere wapakati womwewo, monga sala, dala, fala, kenako gaga ndi khala titawonjezera G ndi H, zimene zala zamkombaphala zimatambasukira cham'mbali. Ndinkaba maso pang'ono n'kuika dzanja bwino. Vuto linabwera sabata yachitatu, tsiku limene aphunzitsi anabwera ndi zitenje n'kufunditsa manja a aliyense, kuti tsopano kuba maso kwatha. Anatipatsa kalata yaifupi papepala kuti tiitayipe kwa mphindi zisanu, maso papepala basi. Ndinalowetsa manja pansi pa chitenje, lamanzere linapeza F, lamanja linangokhala pamene linaganiza kuti ndi pa J. Ndinatayipa ndi mtima wonse, kumva kukoma ndithu, zala zikuyenda popanda kukayika. Nthawi itatha ndinakweza maso. Pamene panayenera kukhala moni panali ,pmo ndipo zikomo anasanduka zolp,p ndipo tsamba lonse linali choncho. Mtsikana wa pambali panga anasuzumira n'kuphulika kuseka, kalasi yonse inadzaunjikana. Munthu wa ana anayi kusekedwa ndi ana a sekondale, ndinamva kutentha mpaka m'makutu.

Aphunzitsi sanaseke. Anawerenga mzere umodzi wokha n'kunena kuti, "Achimwene, zala zanu sizinalakwe ngakhale pamodzi. Dzanja lonse lamanja ndi limene linakhala pakhomo la eni." Anandionetsa kuti chamkombaphala chinali pa K m'malo mwa J, choncho chilembo chilichonse cha dzanja limenelo chinasunthira kumanja ndi kiyi imodzi: m anakhala chizindikiro cha koma, o anakhala p, n anakhala m, i anakhala o. Z wa zikomo anatuluka bwino chifukwa ndi wa dzanja lamanzere, limene linali ndi kachizindikiro kake. Anati umu ndi mmene munthu amadziwira vuto lake poyang'ana zolakwazo. Zikakhala zomwazikana, apa chimodzi apo chimodzi, ndiye kuti chala china sichinazolowere njira yake. Koma zilembo za mbali imodzi zikasokonekera zonse pamodzi, za mbali inayo zili bwinobwino, ndiye kuti dzanja lachoka kwawo, ndipo mankhwala ake ndi kuima, kupapasa F ndi J, n'kuyambiranso. Atapapasa okha J wanga anangopukusa mutu. Anatuluka, anabwera ndi kabotolo ka utoto wopaka m'zikhadabo kamene anabwereka kwa mtsikana anandiseka uja, anadontheza kadontho kamodzi pamunsi pa J, tinadikira kuti kaume. Zinathera pomwepo. Chinthu cha mphindi ziwiri chimene mayi aja akanatha kungowauza aphunzitsi tsiku loyamba.

Nambala 7 inali ndi nthabwala inanso. Kiyibodi yake inali ya Chingerezi, koma Windows anaiika pa Chipwitikizi. Kiyi ya kachala kakang'ono kakumanja inalembedwa chizindikiro cha semikoloni. Koma ukaigunda imatulutsa ç. Zimenezo sizinandivute kwenikweni. Chinandizunguza ndi kachizindikiro kaja timalemba mu ng'ombe ndi m'nyumba, kamene m'chinenero chathu kamabwera pafupifupi mzere uliwonse. Pa kiyibodi ya Chingerezi kali pamzere wapakati pomwepo, pafupi ndi Enter. Ndikagunda pamene kajambulidwa, pa sikirini pankatuluka ngºombe. Pa Chipwitikizi kali kumwamba, pamzere wa manambala, kumanja kwa 0, ulendo wautali kwa kachala kakang'ono. Aphunzitsi anandionetsa pakona ya sikirini pafupi ndi wotchi, pamene pamalembedwa POR kapena ENG, n'kunena kuti chimene chimalamula ndi chimenecho, osati utoto wa pa kiyi. Ukagwira kiyi ya Windows n'kugunda yodumphira mpata, zimasinthana. Anandilangiza kukhalabe pa POR, chifukwa makalata athu opita ku boma amafuna ç ndi ã, ndipo anaseka kuti kiyibodi yabodza ndi mphunzitsi wabwino, poti ukaiyang'ana imakusocheretsa, ndiye umasiya wekha kuiyang'ana. Apa ananena zoona, ngakhale sindikuganiza kuti eni malo anachita dala kuti atithandize.

Za liwiro, ndikufuna amene mukuganiza zolembetsa mudziwiretu, chifukwa awiri m'kalasi mwathu anasiyira panjira pa chifukwa chimenechi. Liwiro limayamba latsika. Amawerenga kuti zilembo zisanu zilizonse, kuphatikiza mipata, ndi mawu amodzi, choncho liwu lalitali ngati ndinakawauzanso, lomwe lili ndi zilembo 15, limawerengedwa ngati mawu atatu. Tsiku loyamba, ndi zala zanga ziwiri zija, ndinapeza mawu 16 pa mphindi. Sabata yachiwiri, ndi zala zonse, ndinagwa kufika pa 8. Ndinakwera shapa madzulo amenewo ndikudzifunsa ngati ndalipira ndalama kuti andiphunzitse kuchedwa. Aphunzitsi anakana zoti tithamange. Ankagogoda tebulo ndi cholembera pang'onopang'ono, chilembo chimodzi pa kugogoda kulikonse, ndipo lamulo lawo linali lakuti usawonjezere liwiro mpaka utatayipa mizere itatu popanda kugwira Backspace. Ankati chala chimaloweza chimene wachibwereza, ndiye ukabwereza cholakwa mothamanga, cholakwacho ndi chimene chimakhazikika. Ine changa chinali B, ndinkamugunda ndi dzanja lamanja pamene iwo amaphunzitsa kuti ndi wa chamkombaphala chamanzere, ndipo zinatenga masiku anayi a baba bebe bibi kuti dzanja lamanja lisiye kulowerera. Pa mayeso otsiriza ndinatayipa zilembo 650 m'mphindi zisanu. Kugawa ndi 5 ndi mawu 130, kugawanso ndi mphindi zisanuzo ndi 26 pa mphindi, zolakwa zitatu. Si liwiro la mlembi wa ku khoti, komabe maso anga tsopano amakhala pa kaundula wa alimi, sindikutayanso mzere umene ndinali, ndipo phindu lalikulu kwa ine lagona pamenepo kuposa pa nambalayo.

Chimodzi chimene sanatichenjeze ndi kachala kakang'ono kakumanzere. Chinenero chathu chadzaza ndi a, ndipo A ndi wa kachala kofooka kuposa tonse. Masabata awiri oyamba kankawawa mpaka m'mkono, makamaka m'mawa wa mwezi wa Juni kuno ku Angoniya zala zitauma ndi chisanu, m'chipinda chimene zenera lake limodzi lilibe galasi. Ndinapeza ndekha kuti ndinkakanikiza mwamphamvu ngati ndikukhoma msomali, komanso ndinkagoneka mkono patebulo n'kupinda dzanja. Nditayamba kugunda mopepuka, mkono uli m'mwamba pang'ono, ululu unatha. Mipando ndi ya pulasitiki, yaifupi kwa tebulo lake, bwerani ndi kapilo.

Ndinabwera kudzalemba ndemanga ya nyenyezi imodzi, koma ndikaganiza za bambo aja akudontheza utoto pa J ndi dzanja lawo, ndi mmene ankakhalira nafe theka la ola lowonjezera magetsi akathima kuti tibweze nthawi, sindingathe. Ndapereka zitatu, zonsezo ndi za aphunzitsi. Ziwiri zasowazo zili kwa mayi a paofesi, amene tsiku lomaliza anandiuza kuti setifiketi ndi metikashi 300 yapadera, chinthu chimene sichinalembedwe pa chikwangwani ndipo sanachitchule polandira 1,800 ija. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, nanga bwanji simunanene poyamba?" Anati aliyense amadziwa. Setifiketiyo ikadali m'dirowa mwawo. Mukapita kukalembetsa, pemphani kaye kuona kompyuta imene mukhalepo, tsinzinani, mupapase F ndi J ndalama zikadali m'thumba, ndipo mufunse za setifiketi pamaso pa munthu wina.