Zolemba za wodwala: nkhani yopotapota kapena SOAP?

Wophunzira udokotala analemba motere: "Mayi wabwera ndi mwana, akuti watentha thupi kuyambira Lolemba, ndamupatsa LA, akusanzanso koma kamodzi, ndi wolemera makilogalamu 12, mwina ndi malungo, magazi asonyeza malungo." Zonsezi ndi zoona, koma namwino wa usiku angavutike kusiyanitsa zimene ananena mayi ndi zimene anaona woyeza.

Njira ya SOAP, chidule cha mawu a Chingerezi akuti Subjective, Objective, Assessment ndi Plan, imaika chilichonse pamalo pake. Pa S timalemba zonena mayi: mwana watentha thupi masiku atatu, wasanza kamodzi, akumwa bwino. Pa O timaika zoyeza: madigiri 38.9, makilogalamu 12, ndiponso kuti mRDT, kachipangizo koyezera malungo m'magazi, yasonyeza malungo. A ndi chigamulo chako: malungo opanda zizindikiro zoopsa. P ndi zochita: LA piritsi limodzi kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndipo abwere msanga akakomoka kapena akamasanza chilichonse.

Ine chimene ndimaikondera SOAP n'chakuti imaulula mipata. Nkhani ija inalibe madigiri, ndipo palibe akanazindikira. Pa O mpatawo umaonekeratu, ndiye wophunzira uja anabwerera kukamuyeza mwanayo. Kulemba nambala yongopeka n'koletsedwa.