Kuikiratu nthawi ya Reel ndi Story pa Instagram: njira zitatu zikusiyana pati?

Amene akufuna kuti kanema wake adzatuluke yekha pa nthawi yoikika ali ndi njira zitatu: pulogalamu ya Instagram ya pafoni, Meta Business Suite ya kampani ya Meta, eni ake a Instagram ndi Facebook, kapena mapulogalamu a makampani ena monga Buffer ndi Later. Zonsezi zimalandira kanema woimirira wa 9:16, makamaka wa 1080 × 1920, koma zimasiyana kwambiri pa nkhani ya Story.

Pulogalamu ya pafoni ndi yosavuta pa Reel, chifukwa mumasankha nyimbo ndi chithunzi chapachikuto pomwepo, kenako n'kuika tsiku. Meta Business Suite ndi yaulere ndipo imaikiratu Reel ndi Story yomwe, choncho ineyo ndimaiona kuti ndi yokwanira kwa munthu amene ali pa Facebook ndi Instagram pokha. Mapulogalamu enawo amapambana pamene kanema yemweyo akufunikanso pa TikTok ndi YouTube, koma poti amatumiza kudzera pa khomo limene Meta inawatsegulira, satha kuika okha zomata za pa Story monga linki kapena funso lovotera. M'malo mwake amakutumizirani chikumbutso pafoni kuti mumalize nokha, ndipo mukakhala m'tulo pa ola limenelo palibe chimatuluka.

Tiyerekeze kuti muli ndi kanema wa masekondi 75. Mukamuika monga Reel adutsa bwinobwino, popeza mu Januwale 2025 Instagram inayamba kulola mphindi zitatu, monganso YouTube inachitira ndi Shorts mu Okutobala 2024. Koma Story imodzi imathera pa masekondi 60, kotero pulogalamu yotumiza yokha idzamukana. Chofunika ndi kumudula nokha pawiri, mwina masekondi 40 ndi 35, pamalo pamene wolankhula wapumira, n'kusiyanitsa nthawi ya zidutswazo pang'ono kuti zisasemphane.

Chithunzi chapachikuto chimapusitsa ambiri. Mumachikonza choimirira, koma pa tsamba lanu Instagram imachidula m'mwamba ndi m'munsi, ndiye mawu amene munalemba pamwamba penipeni amasowa. Nkhope ndi mutu wa nkhani zikhale pakati.

Kanema akalephera kutuluka, yambani mwaona ngati walephera yekha kapena onse. Akalephera onse nthawi imodzi, kawirikawiri chilolezo cholumikizira akaunti chatha, mwina chifukwa munasintha mawu achinsinsi, ndipo mankhwala ake ndi kulumikizanso akauntiyo. Akalephera mmodzi, vuto lili mu fayilo: mutulutseninso ngati MP4 ya H.264 yokhala ndi mawu a AAC. Musanamutumizenso, tsegulani tsamba lanu muone kaye, chifukwa nthawi zina kanemayo amakhala atatuluka kale ngakhale uthenga ukunena kuti walephera, ndipo mungamuike kawiri.